Malaini awiri a intaneti, rauta imodzi: kupatsa alendo njira yawoyawo

Malo ogona alendo ambiri amalidziwa vutoli. Masana intaneti imayenda bwino, koma ikangokwana 7 koloko madzulo, alendo akalowa m'zipinda n'kuyamba kuonera mafilimu ndi mpira pamafoni, kompyuta ya pa kauntala imayamba kukwawa. Tsamba losungitsira zipinda silitseguka, imelo ya kasitomala sichoka, ndipo mlendo amene akufuna kulipira amangoima pamenepo kudikira. Mwini malo amachita zimene aliyense angaganize: amagula laini yachiwiri ya intaneti, mwina modemu ya 4G, mwina mbale ya Starlink imene inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023. Amalumikiza waya wake ku rauta, magetsi a pa modemu amayaka onse bwinobwino.

Madzulo ake vuto lili pomwepo. Laini yatsopano yangokhala osanyamula kanthu, ndipo aliyense akupanikizanabe pa yakale.

Palibe chimene chawonongeka. Rauta ikuchita ndendende zimene inapangidwira, ndipo kuti laini yachiwiri iyambe kunyamula alendo okha, pamafunika kusintha funso limene rauta imafunsa paketi iliyonse. Njira imeneyi m'mabuku a zipangizo ndi pa sikirini imalembedwa kuti `policy routing` kapena `policy-based routing`, kutanthauza kusankha njira potsata malamulo amene mwini netiweki waika.

Funso limodzi lokha

Chilichonse chodutsa pa intaneti chimadulidwa tizidutswa totchedwa mapaketi. Paketi iliyonse imanyamula maadiresi awiri: ya kumene yachokera ndi ya kumene ikupita. Mwachizolowezi rauta imayang'ana yachiwiriyo basi. Ili ngati munthu woima pamphambano amene amafunsa wodutsa aliyense kuti "mukupita kuti?" n'kumulozera njira, osafunsako kuti wachokera mudzi uti.

Mayankho ake rauta imawapeza mu tebulo la njira. Mzere uliwonse wa tebulolo umati maadiresi akutiakuti amapezeka kudzera pa poti yakutiyakuti. Mizere iwiri ikagwirizana ndi adiresi imodzi, rauta imatenga umene ukulozera mwachindunji kwambiri. Pansi pa zonse pali mzere wotchedwa `default`, umene umanyamula chilichonse chimene mizere ina sinachitchule, ndiye kuti intaneti yonse. Apa ndi pamene pagona vuto la mwini malo uja. Akalumikiza laini yachiwiri, tebulo limakhala ndi mizere iwiri ya `default`, koma rauta imasankha umodzi, umene uli ndi nambala ya `metric` yocheperapo. Winawo umangodikira tsiku limene mnzake adzachotsedwe.

Ndiye tebulo limodzi silingathe kunena kuti paketi yopita ku YouTube yochokera ku ofesi idzere kuno, yochokera m'zipinda idzere uko. Zonse zikupita kumodzi, ndipo tebulo limangodziwa za kopita. Yankho lake ndi kukhala ndi matebulo angapo, pamodzi ndi malamulo osankha tebulo loti liwerengedwe. Linux yakhala ndi luso limeneli kuyambira pa mtundu wa 2.2 umene unatuluka mu 1999, ndipo zida zolilamulira, zotchedwa iproute2, anaziyamba ndi katswiri wa ku Russia, Alexey Kuznetsov. Marauta ambiri a m'nyumba ndi m'maofesi ali ndi Linux mkati mwake, choncho ndi pabwino kuphunzirirapo.

Loji imodzi, masabuneti awiri

Tiyerekeze loji ya m'mbali mwa nyanja yokhala ndi rauta ya Linux ya mapoti anayi. Pa `eth0` pali laini yoyamba ya faiba. Pa `eth1` pali modemu ya 4G, imene adiresi yake ndi 192.168.8.1, ndipo rauta yapatsidwa 192.168.8.2 kumbali imeneyo. Pa `eth2` pali makompyuta a ofesi, ndipo pa `eth3` pali waifai ya alendo.

Ofesi ndi alendo aliyense ali ndi sabuneti yake, kutanthauza gulu la maadiresi oyandikana amene rauta imawatenga ngati chinthu chimodzi. Ya ofesi ndi 192.168.10.0/24, ya alendo ndi 192.168.20.0/24. Nambala ya 24 ili kumapetoyo ikunena kuti zigawo zitatu zoyambirira sizisintha, chomaliza chokha ndi chimene chimasiyanitsa zipangizo, ndipo malo ogwiritsa ntchito alipo 254. Rauta imatenga 192.168.20.1 kukhala chipata cha alendo, ndipo foni ya mlendo wa m'chipinda china ingapatsidwe 192.168.20.15.

Kugawa kumeneku ndiye maziko. Ngati alendo ndi ofesi ali pa sabuneti imodzi, rauta ilibe poyambira kuwasiyanitsa, ndipo ntchito yoyamba ndi kuwalekanitsa kaye, pamapoti osiyana kapena pa VLAN.

Asanakhudze chilichonse, katswiri amayamba waona malamulo amene alipo kale polemba `ip rule show`. Pa makina amene sanasinthidwe pamatuluka mizere itatu:

```
0:      from all lookup local
32766:  from all lookup main
32767:  from all lookup default
```

Rauta imawerenga malamulowa kuyambira pa nambala yaing'ono kupita pa yaikulu. Loyamba limaituma ku tebulo la `local`, mmene muli maadiresi a rauta yeniyeniyo. Lachiwiri limaituma ku `main`, tebulo lalikulu limene anthu amaliona akalemba `ip route`. Lachitatu nthawi zambiri limakhala lopanda kanthu. Mfundo yofunika kuigwira ndi iyi: lamulo likatuma rauta ku tebulo, ndipo m'tebulomo mukapezeka mzere woyenera, nkhani yathera pomwepo, malamulo otsatira sawerengedwanso. Mukapanda kupezeka kanthu, rauta imapitirira ku lamulo lotsatira. Pafupifupi mavuto onse a ntchitoyi amachokera pa mfundo imeneyi.

Pakati pa 0 ndi 32766 pali malo ambiri oikapo malamulo atsopano. Katswiri amapanga tebulo lina, kulipatsa nambala 100 ndi dzina loti `alendo`, kuikamo njira yodzera pa modemu, kenako n'kulemba lamulo:

```
echo "100 alendo" >> /etc/iproute2/rt_tables
ip route add default via 192.168.8.1 dev eth1 table alendo
ip rule add from 192.168.20.0/24 lookup alendo priority 1000
```

Mzere woyamba ukungopereka dzina kuti munthu asamavutike kukumbukira nambala. Wachiwiri ukuti m'tebulo la `alendo`, intaneti yonse ipezeke kudzera pa modemu. Wachitatu ukuti paketi iliyonse yochokera ku sabuneti ya alendo iwerengedwe m'tebulo limenelo, ndipo popeza 1000 ndi yaing'ono poyerekeza ndi 32766, zimenezi zichitika rauta isanafike ku `main`. Paketi ya ku ofesi sigwirizana ndi lamulo la 1000, choncho imalidutsa n'kukatulukira pa faiba monga kale.

Mizere itatu imeneyi ndi imene imapezeka m'malangizo ambiri, ndipo ndi yoona. Koma amene angaimire pamenepa adzalandira madandaulo a alendo usiku womwewo.

Kupita n'kosavuta, nanga kubwerera?

Paketi ya foni ija yatuluka pa `eth1` itanyamula adiresi ya 192.168.20.15. Maadiresi oyamba ndi 192.168 ndi a mkati mwa nyumba. Anapatulidwa mu 1996 m'chikalata cha RFC 1918 kuti aliyense aziwagwiritsa ntchito kwake, ndipo sayenda pa intaneti. Komanso modemu ija imangodziwa sabuneti yake ya 192.168.8.0/24. Za 192.168.20.15 sinamvepo. Ngakhale itaitumiza paketiyo kunja, yankho likabwera sidziwa koti ilipereke.

Chizindikiro chake n'chosavuta kuchiona. Katswiri akalemba `tcpdump -ni eth1` n'kuuza mlendo kuti atsegule tsamba lililonse, amaona mapaketi akutuluka ndi adiresi ya 192.168.20.15 mobwerezabwereza, koma palibe yobwerera. Mankhwala ake ndi NAT, imene imavula paketi adiresi ya foni n'kuiveka ya rauta ikamatuluka, ndipo imasunga kaundula kuti yankho likabwera lidzabwezeredwe kwa mwini wake:

```
iptables -t nat -A POSTROUTING -s 192.168.20.0/24 -o eth1 -j MASQUERADE
```

Tsopano `tcpdump` ionetsa mapaketi akutuluka ndi 192.168.8.2, adiresi imene modemu ikuidziwa, ndipo mayankho ayamba kubwera. Malo ambiri amakhala ndi lamulo la NAT lolembedwa kalekale la laini yoyamba yokha, ndipo n'chifukwa chake sitepe imeneyi imaiwalika: munthu amadziwa kuti NAT ilipo, osakumbukira kuti inamangiriridwa ku `eth0`.

Pali chifukwa china chosamalira adiresi yotulukira. Makampani ambiri a intaneti amataya paketi imene yalowa pa laini yawo ndi adiresi yosakhala yawo, potsatira malangizo a BCP 38 a m'chaka cha 2000, amene cholinga chake ndi kuletsa achiwembu kunamizira maadiresi a ena. Choncho paketi yovala adiresi ya laini yoyamba siyenera kutulukira pa yachiwiri. Laini iliyonse ili ndi adiresi yake.

Lamulo limene limagwira zambiri kuposa zimene linafunidwa

Vuto lachiwiri ndi lozunguza mutu, ndipo ndi limene limadya nthawi yambiri ya akatswiri. NAT yakonzedwa. Katswiri ali pa waifai ya alendo akulemba `ping 8.8.8.8`, ndipo mayankho akubwera bwinobwino kuchokera kutali. Akulemba `ping 192.168.20.1`, chipata chimene chili m'kabati pafupi pomwepo, koma kuli zii. Masamba sakutseguka pa dzina. Mnzake amene ali ku ofesi akudandaula kuti sakuthanso kulowa m'timakina tomwaza waifai ta m'makonde, timene tili ndi maadiresi a sabuneti ya alendo.

Zonsezi zili ndi gwero limodzi. Lamulo lija linati paketi iliyonse yochokera ku 192.168.20.0/24, ndipo rauta yamvera mawuwo ndendende. Tebulo la `alendo` lili ndi mzere umodzi wokha, wa `default`, ndipo mzere umenewo umagwirizana ndi adiresi iliyonse padziko, ngakhale ya m'nyumba momwemo.

Taonani zimene zikuchitika ndi `ping` ija. Funso lochokera ku foni likupita ku adiresi ya rauta, ndipo lamulo la 0 likuligwira, lafika bwino. Rauta ikukonza yankho, lochokera ku 192.168.20.1 kupita ku 192.168.20.15. Koma 192.168.20.1 nayonso ili m'sabuneti ya alendo. Yankholo likugwidwa ndi lamulo la 1000, likuwerengedwa m'tebulo la `alendo`, ndipo likuponyedwa ku modemu ya 4G m'malo mobwerera pa `eth3`. Ngati rauta yomweyo ndi imene imayankha mafunso a DNS, utumiki umene umasandutsa mayina a masamba kukhala maadiresi, mayankho amenewonso akusochera chimodzimodzi. Kamakina ka waifai ka m'khonde kakayankha kompyuta ya ku ofesi, yankho lake nalonso likulowera ku modemu. Mayankho ochokera pa intaneti okha ndi amene akufika, chifukwa adiresi yawo yochokera ndi ya kunja, ndiye amadutsa lamulo la 1000 n'kukapeza njira yoyenera mu `main`.

Pali njira zingapo zokonzera. Yachikale ndi kukopera mizere ya masabuneti onse a mkati n'kuiika m'tebulo la `alendo`. Imagwira ntchito, koma tsiku limene padzaonjezedwe sabuneti ina, mwina ya makamera, wina adzaiwala kuilembanso m'tebulo lachiwiri. Yabwino kuposa imeneyo ndi lamulo limodzi loikidwa patsogolo pang'ono:

```
ip rule add from 192.168.20.0/24 lookup main suppress_prefixlength 0 priority 999
```

Tanthauzo lake ndi lakuti: yamba wayang'ana m'tebulo lalikulu, ndipo ukapezamo njira yachindunji, monga ya ku ofesi kapena ya kwa alendo omwewo, itenge, koma ngati chimene wapeza ndi `default` yokha, chikane, upitirire ku lamulo lotsatira. Motero za m'nyumba zimayenda monga kale, ndipo za pa intaneti zokha ndi zimene zimafika pa lamulo la 1000. Pulogalamu ya wg-quick, yoyatsira WireGuard, imagwiritsa ntchito luso lomweli.

Apa m'poyenera kuchenjeza. Ena akaona kuti alendo sakuthanso kufika ku makompyuta a ofesi, amasangalala kuti apeza chitetezo chaulere, n'kusiya zinthu choncho. Kumeneko si kuteteza. Ndi njira yosokonekera chabe, imene ingatseguke tsiku lililonse tebulo likasintha. Ngati alendo sayenera kukhudza kompyuta ya maakaunti, lamulo lowaletsa lilembedwe momveka mu fayawo. Tebulo la njira limanena kodzera, fayawo ndi imene imanena wololedwa kudutsa.

Kufunsa rauta yeniyeniyo

Ubwino wa Linux ndi wakuti munthu angathe kuifunsa rauta chimene ingachite ndi paketi, popanda kutumiza kanthu:

```
ip route get 8.8.8.8 from 192.168.20.15 iif eth3
```

Zikakhala bwino, m'yankho mumaoneka `via 192.168.8.1 dev eth1 table alendo`. Funso lomwelo likafunsidwa ndi adiresi ya ku ofesi ndi `iif eth2`, liyenera kuonetsa `eth0`. Likafunsidwa ndi adiresi ya kompyuta ya ofesi m'malo mwa 8.8.8.8, liyenera kuonetsa `eth2`, osati modemu. Mafunso atatu amenewa amatenga mphindi imodzi, ndipo amagwira zolakwa zambiri alendo asanazione.

Umboni womaliza umachokera kwa mlendo. Pa laputopu yolumikizidwa ku waifai, `traceroute` iyenera kuonetsa 192.168.8.1 pa sitepe yachiwiri. Tsamba lililonse loonetsa adiresi imene munthu akuonekera nayo pa intaneti liyenera kupereka mayankho osiyana ku ofesi ndi m'chipinda. Poyesa, ndi bwino kutseka bulauza n'kuitsegulanso, chifukwa kulumikizana kumene kunayamba lamulo lisanaikidwe kumaduka njira ikasintha, ndipo kungapatse munthu chithunzi cholakwika.

Laini yachiwiri ikafa

Mwini loji ayenera kuyankha funso limene si la makina konse: laini ya alendo ikafa, alendowo abwerere ku faiba ya ofesi kapena akhale opanda intaneti mpaka ikonzedwe? Mayankho onse awiri ali ndi nzeru zake. Choipa ndi kusasankha, chifukwa pamenepo rauta imasankha yokha, ndipo zimene imachita zimadalira mmene lainiyo yafera.

Poti ya `eth1` ikatsekedwa, kapena ikasowa monga zimachitikira ndi modemu ya USB ikazulidwa, Linux imafufuta mizere yonse yodzera pa potiyo. Tebulo la `alendo` limatsala lopanda kanthu. Lamulo la 1000 likadalipo, koma monga mwa mfundo ija, rauta ikapanda kupeza kanthu imapitirira ku `main`. Ngati NAT ya pa `eth0` ikuwalola, alendo onse amakhamukira pa faiba mwakachetechete. Choopsa kwambiri n'chakuti poti ija ikabwerera, mzere umene unalembedwa pamanja subwerera wokha. Pangapite masabata, modemu ikuyaka, bandulo ikulipiridwa, ofesi ikudandaulanso za madzulo, popanda wodziwa kuti kugawa kuja kunatha kalekale. Amene angayang'ane `ip route show table alendo` amapeza tebulo lopanda mzere ngakhale umodzi.

Ngati chisankho n'chakuti alendo asakhudze faiba zivute zitani, pamaikidwa mzere wotsekera pansi pa tebulolo:

```
ip route add unreachable default table alendo metric 1000
```

Mzere umenewu sumangiriridwa ku poti iliyonse, choncho sufufutika. Njira ya modemu ikakhalapo imapambana chifukwa `metric` yake ndi yocheperapo. Ikachoka, rauta imapeza mzere wotsekerawu, imauza foni kuti njira palibe, ndipo sipitirira ku `main`.

Imfa ina ndi yobisika. Bandulo yatha, kapena netiweki ya mafoni yavuta kuderalo, koma modemu ili moyo ndipo waya uli bwinobwino. Rauta siona cholakwika chilichonse, imangopitiriza kutumiza mapaketi kumene sabwerako. Ngakhale kuyesa `ping` ku 192.168.8.1 sikuthandiza, pakuti modemu imayankha. Amene akufuna kuti alendo asamukire ku faiba pa nthawi ngati imeneyi ayenera kuika kapulogalamu koyesa adiresi ina ya kutali kudzera pa `eth1` pafupipafupi, kochotsa njirayo mayankho akasiya kubwera, n'kuibwezera akayambiranso.

Palinso ulusi wina womangirira alendo ku faiba umene anthu sauona. Ngati mafoni awo amafunsa DNS kwa rauta, rautayo imakafunsa kunja m'dzina lake, ndipo mafunso ake amadzera m'tebulo lalikulu, pa faiba. Mafunsowo ndi ang'onoang'ono, sangadzaze laini. Koma tsiku limene faiba idzaduke, alendo adzalephera kutsegula masamba ngakhale 4G yawo ili bwinobwino. Njira yachidule ndi kuuza DHCP ya alendo kuti iziwapatsa seva ya DNS ya kunja, monga 1.1.1.1 kapena 8.8.8.8, kuti mafunsowo achoke ndi adiresi ya foni n'kutsata njira ya alendo.

Magetsi akazima

Zonse zolembedwa ndi `ip rule` ndi `ip route` zimakhala m'chikumbumtima cha makina basi. Magetsi akazima, rauta ikadzukanso, malamulo amabwerera pa atatu oyamba aja. Kumene magetsi amathima kawirikawiri, ntchito imene sinasungidwe sitha sabata. Malo osungira amadalira mtundu wa Linux: pa systemd-networkd ndi gawo la `[RoutingPolicyRule]`, pa netplan ya Ubuntu ndi `routing-policy`. Kusunga motero kuli ndi phindu lina, chifukwa pulogalamu yoyang'anira mapoti imabwezera njira ija yokha poti ikadzukanso. Lamulo la NAT nalonso liyenera kusungidwa mwa njira yake. Ntchito isanatchedwe yotha, rauta izimitsidwe dala, iyatsidwenso, mafunso atatu aja afunsidwenso.

Maofesi ambiri sagwiritsa ntchito Linux yolembera pamanja chonchi, ali ndi timabokosi ta MikroTik. Maganizo ake ndi omwewo, mawu okha ndi amene amasiyana. Pa RouterOS 7:

```
/routing table add name=alendo fib
/ip route add dst-address=0.0.0.0/0 gateway=192.168.8.1 routing-table=alendo
/routing rule add src-address=192.168.20.0/24 action=lookup-only-in-table table=alendo
```

Chisankho cha mwini loji chija pano chili m'mawu amodzi: `lookup-only-in-table` imatsekera alendo m'tebulo lawo, pomwe `lookup` imawalola kugwera ku tebulo lalikulu njira yawo ikasowa. Msampha wa masabuneti a mkati uliponso, ndipo umafuna lamulo lina pamwamba lotumiza za m'nyumba ku `main`. Pa marauta a Cisco ntchitoyi imachitika ndi `route-map` yokhala ndi `set ip next-hop`, yomangiriridwa ku poti imene mapaketi amalowera.

Nthawi zina sabuneti yonse si imene ikufunika kusamutsidwa, koma mtundu wina wa mapaketi, mwachitsanzo a mafoni a pa intaneti okha. Pamenepo fayawo imadinda chizindikiro pa mapaketiwo, ndipo lamulo limasankha tebulo potengera chizindikirocho, ndi mawu oti `fwmark`. Njira imeneyi ili ndi msampha wake pa Linux. Pali chitetezo chotchedwa `rp_filter`, chimene chikakhala pa 1 chimataya paketi yolowera pa poti imene rauta sikanayankhirapo. Yankho lobwera pa `eth1` limaoneka ngati lasochera, chifukwa poyang'ana popanda chizindikiro, njira ya intaneti ndi `eth0`. Chizindikiro cha vutoli n'chakuti `tcpdump` imaonetsa mayankho akufika pa `eth1` koma osatulukira kwa mwini wake, ndipo kuika `rp_filter` pa 2 kumalithetsa. Loji imene ikungofuna kulekanitsa alendo ndi ofesi sifunika kulowa m'zimenezi. Lamulo la sabuneti ndi lokwanira ndiponso losavuta kulimvetsa kwa amene adzalowe m'malo mwa katswiri wa lero.

Pali zinthu ziwiri zimene njirayi sichita, ndipo mwini malo ayenera kuuzidwa asanalipire. Siphatikiza liwiro la malaini awiri: mlendo amapeza liwiro la 4G lokha ngakhale faiba itakhala yopanda munthu usiku wonse. Komanso malamulo onsewa ndi a maadiresi a IPv4. Ngati laini yoyamba imapereka IPv6 ndipo mafoni a alendo alandira maadiresi amenewo, mafilimu ambiri adzadutsabe pa faiba, popeza YouTube ndi Netflix zimapezeka pa IPv6 ndipo mafoni amakonda kuisankha ikakhalapo. Pamenepo pamafunika malamulo ena olembedwa ndi `ip -6 rule`, pamodzi ndi maadiresi a IPv6 ochokera ku laini yachiwiri, kapena kuzimitsa IPv6 pa sabuneti ya alendo mpaka laini yachiwiriyo itayamba kuipereka.